Kufotokoza Msonkho wa PAYE pa Timakadi ta Pafoni Popanda Kusocheretsa Anthu

Pali nkhani ina imene imamveka mwezi ukamatha, kaya pa mzere wa kubanki kapena m'minibasi yochokera ku ntchito. Akuti munthu wina anamukwezera malipiro, koma ndalama yolowa m'thumba mwake inatsika chifukwa analowa m'gulu la olipira msonkho wambiri. Mukafunsa kuti munthuyo ndani, wonenayo amati anamva kwa alamu ake. Kale nkhani zoterezi zinkathera pomwepo. Lero zili ndi miyendo, chifukwa zimalembedwa pa timakadi tokongola tondondozana, tomwe munthu amasuntha ndi chala pa Facebook kapena pa Instagram, kenako wina n'kujambulapo kamodzi n'kukaponya pa gulu la WhatsApp la kumpingo.

Timakadi totere si toipa. Kwa munthu amene bando yake ikutha ndipo sangawerenge lamulo lonse la misonkho, timakadi tisanu ndi tiwiri tolembedwa bwino tingamuthandize kumvetsa pepala lake la malipiro kuposa kalata yaitali ya kuofesi. Vuto ndi lakuti kufupikitsa nkhani ya msonkho kuli ngati kusenda mbatata ndi mpeni wakuthwa, ukathamanga umachotsa ndi mnofu womwe. Tiyeni titenge mfundo imodzi, ya mmene msonkho wa PAYE umawerengedwera ku Malawi, tiyende nayo kadi ndi kadi, tione pomwe olemba amapunthwa.

PAYE ndi msonkho umene olemba ntchito amadula pa malipiro a wantchito asanamupatse, n'kukaupereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Wantchito saugwira n'komwe m'manja. Amangouona pa pepala la malipiro, ndipo n'chifukwa chake ambiri amauona ngati chilombo chodya usiku. Manambala amene ndigwiritse ntchito m'nkhani ino ndi amene anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024. K150,000 yoyamba pamwezi inalibe msonkho. K350,000 yotsatira, ndiye kuti kufika pa K500,000, inkadulidwa 25 peresenti. Kuchoka pamenepo kufika pa K2,550,000 inali 30 peresenti, ndipo yopitirira apo inali 35 peresenti. Ndatchula mwezi ndi chaka mwadala, ndipo tibwererako, chifukwa manambala amenewa sakhalitsa.

Kadi yoyamba ndi imene imaimitsa chala cha wowerenga, ndipo ndi pomwe chinyengo chimayambira. Wolemba amafuna anthu ambiri aime, choncho amalemba zonga "Boma likudya 30 peresenti ya malipiro anu" kapena "Chinsinsi chimene abwana anu safuna kuti mudziwe". Mawu oyambawo ndi abodza kwa anthu ochuluka zedi olembedwa ntchito, monga tionere. Achiwiriwo akulonjeza chinsinsi pomwe palibe, popeza magawo a msonkho amalengezedwa poyera mu Nyumba ya Malamulo. Ine ndimakonda kadi yoyamba ikhale funso lenileni limene anthu ali nalo kale: "Kodi akandikwezera malipiro, msonkho ungandibwezere m'mbuyo?" Funsoli limakoka maso mokwanira ndipo silinamiza munthu. Pansi pake, ndi zilembo zowerengeka, palembedwe kuti ndi za Malawi, za anthu olembedwa ntchito, ndiponso manambala ake ndi a liti.

Kadi yachiwiri ipereke yankho nthawi yomweyo. Pali chizolowezi chobisa yankho mpaka kadi yomaliza kuti anthu asunthe timakadi tonse, ndipo pa nkhani ya maphikidwe a chigumu palibe amene angavulale nazo. Pa nkhani ya msonkho ndi zoopsa, chifukwa ambiri amalekeza pa kadi yachitatu. Amene waona funso n'kuona "30 peresenti" pa kadi yotsatira, foni n'kulira, amachoka ndi yankho lolakwika. Choncho kadi yachiwiri inene mosabisa kuti ayi, peresenti yokwerayo imagwira ndalama yokhayo imene yadutsa malire, osati malipiro onse.

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa mfundo yonse yagona pa chiganizo chimenechi. Fanizo limene ndaona kuti anthu amalimva msanga ndi la ndowa zinayi zoikidwa mondondozana pa mjigo. Madzi amayamba kudzaza ndowa yoyamba, ndipo ikasefukira ndi pomwe amapita mu yachiwiri. Yachiwiri ikadzaza amapita mu yachitatu. Ndowa yoyamba imalowa K150,000 ndipo palibe amene amatungamo. Mu yachiwiri, MRA imatunga gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi amene alowamo. Mu yachitatu imatunga magawo atatu mwa khumi, koma a madzi okhawo amene afikamo. Dontho loyamba likagwera mu ndowa yachitatu, palibe amene amabwerera ku ndowa ziwiri zija kukatunganso. Kadi yachitatu ikhale chithunzi cha ndowazi, iliyonse ili ndi malire ake ndi peresenti yake, ndipo pasakhale china chilichonse chosokoneza maso.

Fanizo lokha silikwanira, munthu amafuna aone ndalama. Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito ya ukalaliki ku Lilongwe, amene ankalandira K480,000 pamwezi, ndipo amukweza kufika pa K520,000. Asanakwezedwe, K150,000 inali mu ndowa yoyamba, K330,000 yotsala inali mu yachiwiri. Gawo limodzi mwa anayi la K330,000 ndi K82,500. Umenewo ndiwo unali msonkho wake, ndipo ankatsala ndi K397,500.

Atakwezedwa, ndowa yachiwiri yadzaza ndi K350,000, msonkho wake K87,500. Mu ndowa yachitatu mwagwera K20,000 yokha, ndipo 30 peresenti ya imeneyo ndi K6,000. Msonkho wonse ndi K93,500, mayiyo akutsala ndi K426,500. Pa K40,000 imene anamuwonjezera, msonkho watengapo K11,000, iye watsala ndi K29,000. Sizosangalatsa kuona K11,000 ikupita, koma sanabwerere m'mbuyo. Ndipo mukayerekeza K93,500 ndi malipiro ake onse, mupeza kuti akulipira pafupifupi 18 peresenti, ngakhale kuti anzake akumunena kuti walowa "m'gulu la 30 peresenti".

Tsopano onani kumene nthano ya alamu ija imachokera. Munthu akatenga K520,000 yonse n'kuidula 30 peresenti, amapeza K156,000, ndipo mayiyo amaoneka kuti watsala ndi K364,000, yochepa kuposa K397,500 imene ankalandira asanakwezedwe. Masamuwo ndi olondola, koma funso limene akuyankha ndi lolakwika. Palinso kuphonya kwina kobisika kwambiri, kumene ndakuonapo ngakhale kwa anthu ophunzira bwino. Amakumbukira kuchotsa K150,000 yopanda msonkho, koma K370,000 yotsalayo amaidula yonse 30 peresenti, n'kupeza K111,000. Aiwala ndowa yachiwiri, ndipo amuwonjezera mayiyo msonkho wa K17,500 umene kulibe. Kadi yokhala ndi nambala imeneyi imaoneka yanzeru, ndiye imakhulupiridwa msanga.

Pali njira yapafupi yoyesera ngati kawerengedwe ka pa kadi kali kolondola, ndipo aliyense wokhala ndi kakyuleta ya pafoni angaichite. Tengani malipiro awiri oyandikana, wina pa malire penipeni, wina atangodutsa pang'ono. Pa K500,000 msonkho ndi K87,500. Pa K501,000 uyenera kukhala K87,800, kusiyana kwa K300 basi, yomwe ndi 30 peresenti ya K1,000 yowonjezerayo. Ngati njira imene kadi ikuphunzitsa ikuchititsa msonkho kudumpha ndi masauzande ambirimbiri pa K1,000 yokha, njirayo ndi yolakwika. Wolemba aliyense ayenera kudziyesa chonchi asanatumize, ndipo wowerenga angachitenso chimodzimodzi asanagawire anzake.

Koma ngakhale masamu atakhala bwino, kadi yachinayi ingathe kusocheretsa mwa njira ina. Mayi uja akaona "mutsala ndi K426,500" n'kupita kubanki pa mapeto a mwezi, sakapeza ndalama imeneyo. Lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito azisonkha zosachepera 5 peresenti, olemba ntchito n'kuikapo 10 peresenti. Mwina alinso ndi ngongole ya ku SACCO, mwina amadulidwa ya chipatala kapena ya bungwe la apantchito. Zonsezi si msonkho, ngakhale kuti pa pepala la malipiro zimaima mu mzere umodzi ndi msonkho ndipo anthu amazitcha dzina limodzi, zodula. Wolemba akalemba kuti "ndalama yolowa m'thumba", mayiyo adzaganiza kuti a kuofesi ya malipiro amubera, ndipo Lolemba m'mawa adzakhala ali pakhomo pawo atakwiya. Mawu oyenera ndi akuti "yotsala msonkho wa PAYE wokha ukachotsedwa". Ndi aatali, sakongola pa kadi, koma ndi oona. Ndipo apa ndivomere kuti nthano ija ili ndi kambewu ka choonadi. Zimachitika ndithu kuti munthu walandira zochepa mwezi umene amukweza, koma mukafufuza mumapeza kuti ngongole yatsopano yayamba kudulidwa, kapena ovataimu imene ankalandira pa udindo wakale yatha. Mlandu umagwera msonkho chifukwa ndiwo mlendo amene aliyense amadana naye kale.

Kadi yachisanu ndi imene olemba ambiri amaidumpha, koma ine ndimaiona kuti ndiyo imasiyanitsa wodziwa ndi wongobwereza. Ndi kadi yonena anthu amene chitsanzochi sichikuwakhudza. Chitsanzo chathu ndi cha munthu wolembedwa ntchito pamalo amodzi, wolandira malipiro okhazikika. Mmisiri amene wapatsidwa kontirakiti yomanga mpanda, kapena mwini nyumba amene akubwereketsa nyumba yake ku kampani, nawonso angadulidwe msonkho asanalandire ndalama, koma umenewo ndi msonkho wa mtundu wina wokhala ndi malamulo ake. Munthu wa ntchito ziwiri, kapena wokhala ndi bizinesi pambali, nkhani yake ndi yosiyananso. Ndiponso mawu akuti malipiro pa nkhani ya msonkho ndi otambalala kuposa mmene timawagwiritsira ntchito pocheza, popeza bonasi, ovataimu ndi alawansi ya nyumba yolandira ngati ndalama zimawerengedwa pamodzi. Kadi siyenera kufotokoza zonsezi. Ingonena kuti ngati muli m'magulu awa, chitsanzo ichi si chanu.

Pali malire ena amene wolemba sayenera kudutsa, a pakati pa kufotokoza ndi kulangiza. Kunena kuti "K150,000 yoyamba inalibe msonkho" ndi kufotokoza lamulo. Kunena kuti "auzeni abwana alembe K150,000 pa pepala, yotsalayo azikupatsani pamanja" ndi kuphunzitsa anthu kuzemba msonkho, ndipo kuzemba msonkho ndi mlandu. Komanso malangizo oterewa amapweteka wantchito yemweyo, chifukwa penshoni yake imawerengedwa pa ndalama yochepa, ndipo tsiku limene adzafune ngongole kubanki pepala lake lidzamuonetsa ngati wosauka. Si malangizo oipa okha amene ali ndi vuto. Ngakhale ooneka abwino, monga akuti "kafuneni kuti akubwezereni ndalama yanu", amakhala olakwika ngati wolemba sanaone pepala la malipiro la munthuyo. Chimene kadi yachisanu ndi chimodzi ingachite mosalakwa ndi kupereka mafunso oti munthu akafunse: ndi ndalama ziti pa pepala langa zimene mwawerengerapo msonkho, mwagwiritsa ntchito magawo a chaka chiti, ndipo zodula zinazi ndi za chiyani. Munthu wopita ndi mafunso atatuwa amabwerako ndi yankho, ndiponso ubale wake ndi a kuofesi uli bwinobwino.

Tibwerere ku nkhani ya deti. Gawo lopanda msonkho linali K45,000 mu 2019, linafika pa K100,000 mu 2020, kenako K150,000 mu 2024, ndipo malire a magawo enawo nawonso akhala akusunthidwa kangapo. Pofika pomwe mukuwerenga magazini ino, manambala a m'chitsanzo chathu muwatenge ngati ophunzirira njira basi, enieni a lero mukawapeze ku MRA. Ndowa zimasintha kukula, nthawi zina zimasintha ndi chiwerengero chomwe, koma kadzazidwe kake n'komweko. Kadi ya pafoni sidziwa zimenezi. Yolembedwa zaka zitatu zapitazo imabweranso lero ikuwala ngati yadzulo, ndipo ngati ilibe chaka palibe chomwe chingamuchenjeze woilandira. Chinanso chimene chimagwetsa olemba ndi kuthamanga pa tsiku la bajeti. Nduna ya Zachuma ikamalankhula mu Nyumba ya Malamulo imakhala ikupereka zimene boma likufuna. Zimakhala lamulo aphungu akavomereza kusintha kwake, ndipo zimayamba pa tsiku loikika, lomwe kawirikawiri ndi 1 Epulo chiyambire pomwe chaka cha boma chinasamutsidwa kuchoka pa 1 Julaye. Kadi yotuluka madzulo a tsiku la bajeti yonena kuti "kuyambira lero" yathamangira kutsogolo kwa lamulo. Ndipo palembedwenso ngati manambalawo ndi a pamwezi kapena a pachaka, chifukwa K150,000 pamwezi ndi K1,800,000 pachaka, ndipo kusokoneza ziwirizi kumachititsa munthu kuganiza kuti sayenera kulipira kalikonse.

Dzina la dziko nalo si chokongoletsera. Chichewa chathuchi chimawerengedwa ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo ndalama ya ku Zambia nayonso ndi kwacha, imalembedwa ndi K yemweyo. Mu 2024 gawo lopanda msonkho kumeneko linali K5,100 pamwezi, pansi pa bungwe lawo la ZRA. Mnzathu wa ku Katete akalandira kadi yopanda dzina la dziko yonena kuti K150,000 yoyamba ilibe msonkho, mwina angaseke, mwinanso angasokonezeke. Chimodzimodzi m'bale amene ali ku Joni, akamawerenga aziwona kuti izi si za malipiro ake a kumeneko.

Mfundo imene ndimaiumirira kwambiri ndi yakuti kadi iliyonse iziima payokha. Wolemba amaganiza kuti anthu adzaona timakadi tonse mu dongosolo lake, koma chimene chimayenda ndi kadi imodzi, ija ya manambala, itajambulidwa n'kudulidwa m'mbali. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo kadi yoyenda yokha ndi kandimverere weniweni. Choncho kamzere kakuti "Malawi, magawo a Epulo 2024, chitsanzo chabe" kakhale pa kadi iliyonse, pafupi ndi manambala, osati m'mphepete penipeni pomwe wodula chithunzi amayambira kudula. Pa chifukwa chomwechi, kadi yoonetsa kawerengedwe kolakwika ija ya K156,000 ndi yoopsa. Ngati muiika, mawu akuti "cholakwika" adutse pamwamba pa nambalayo, kuti asalekanitsidwe.

Tafika pa chenjezo lomaliza, lomwe ambiri amaliona ngati chishango. Amakopera chiganizo cha Chingerezi chimene anachiona kwina, n'kuchilemba ndi tizilembo totuwa tosawerengeka, n'kumadziona kuti atetezeka. Ine sindikhulupirira chishango chimenechi. Chenjezo silisandutsa nambala yabodza kukhala yoona, ndipo munthu amene waphunzitsa anthu kuzemba msonkho pa kadi yachinayi sangadzitsuke ndi mawu akuti "awa si malangizo" pa kadi yomaliza. Palinso chenjezo lamantha kwambiri, lonena kuti wolemba sakutsimikiza chilichonse ndipo chilichonse chingakhale cholakwika. Wowerenga amafunsa kuti nanga mwandilemberanji. Chenjezo labwino limagwirira ntchito wowerenga. Limamuuza chimene walandira, pomwe chikuthera, ndi khomo loti agogode akafuna za iye mwini. Likhale m'chinenero chomwecho cha timakadi tonse, ndi zilembo zofanana kukula ndi zinazo. Ngati wolemba si akauntanti kapena loya anene choncho, ndipo asaike chizindikiro cha MRA pa timakadi take, chifukwa anthu adzayesa kuti ndi chilengezo cha boma. Ngati ali ndi bizinesi yothandiza anthu pa misonkho ndipo akufuna makasitomala, anenenso, si manyazi.

Pa timakadi tathu ta mayi wa K520,000, kadi yachisanu ndi chiwiri ndingailembe motere: "Izi ndi zongofotokoza mmene PAYE imawerengedwera ku Malawi, ndi magawo amene anayamba mu Epulo 2024. Magawowa amasintha, choncho onani atsopano ku MRA musanawerengere malipiro anu. Chitsanzochi ndi cha munthu wa ntchito imodzi ndipo sichikuphatikiza penshoni, ngongole kapena zodula zina. Sitinaone pepala lanu la malipiro, ndiye awa si malangizo a nkhani yanu. Mukaona kusiyana, yambani mwafunsa a kuofesi ya malipiro kuntchito kwanu, ndipo ngati simunakhutire pitani ku ofesi ya MRA kapena kwa akauntanti wovomerezeka." Mawu amenewa akwana pa kadi imodzi ngati palibe chithunzi, ndipo akugwiranso ntchito pa nkhani yonse imene mwawerengayi.